Kalata yopempha sikolashipu: malikisi tipereke bwanji?

"Andiika mu komiti yosankha ana oti apatsidwe sikolashipu. Fomu ikuti tichonge makalata awo pa zinthu zitatu: kumveka bwino, kuti nkhani ndi yakedi ya mwini wake, ndi umboni woti maphunzirowo akuwafunadi. Chilichonse malikisi 1 mpaka 5. Koma ine kalata ikangolembedwa mokoma ndikumangopereka 5 ponseponse. Nditani?"

Mayi, musamapereke malikisi atatu onsewo pa kuwerenga kumodzi. Werengani katatu, ulendo uliwonse muli ndi funso limodzi lokha m'mutu, apo ayi galamala yosalala ija imakokera m'mwamba ndi magawo ena awiri omwe sakukhudzana nayo nkomwe.

Kumveka bwino nkosavuta. Mukamaliza tembenuzani pepala, nenani pamtima: akufuna kuphunzira chani, chifukwa chani, akamaliza akapanga nazo chani. Mwayankha zonse osasuzumira, ndi 4 kapena 5 ameneyo ngakhale masipelo ena aphonyeka. Mwabwerera kawiri kukasaka mfundo, 2.

Zovuta ndi ziwiri zinazo, ndiye tiyeni titenge ana awiri ongoyerekeza, onse akufuna uinjiniya wa zamagetsi. Woyamba walemba kuti kuyambira ali wamng'ono ankakonda sayansi, magetsi ndiwo msana wa chitukuko, akufuna kudzasintha miyoyo ya anthu ambirimbiri, ndime zoyalana bwino cholakwika olo chimodzi. Wachiwiri ziganizo zake zikupunthwa, ndime ina yabwereza zomwe wanena kale, koma akufotokoza kuti nyale ya sola inasiya kutchaja, iye anasintha batire osatheka, anasintha dayodi, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, osathekabe, mpaka aphunzitsi a fizikisi anamuonetsa kuti dayodiyo anailumikiza chozondoka nde imatchinga magetsi osafika ku batire, ndipo kuchokera pamenepo anabwereka buku la zamawaya nkuyamba kujambula kaye papepala kayendedwe ka mawaya asanagwire chilichonse.

Tsopano bisani dzina pa kalata yoyamba ija, mudzifunse kuti ndi ana angati mu mulu wanuwo angasayine pansi pake osasintha liwu. Pafupifupi onse. Imeneyo ine ndimapereka 2, osati poti mwanayo wanama ayi, koma mwini wake sakuonekamo. Yachiwiri angasayine ndi mmodzi yekha, amene anazondotsa dayodi uja. Zinthu ngati zimenezi, dzina la kachipangizo, ndondomeko ya zomwe anayesa, pomwe zinamukanika, munthu wokopera sazitulukira, wokopera amalemba zopambana zokhazokha. Apa 5.

Pa gawo lachitatu lija, la chidwi, lamulo langa ndi loti "ndidzachita" sagoletsa, chogoletsa ndi "ndinachita". Tengani pensulo mudule mzere pansi pa chilichonse chimene mwanayo anachita kale ndi manja ake kapena nthawi yake. Kwa woyamba simupeza podula, pali zolinga basi, 2. Wachiwiri anakonza, anafunsa, anabwereka buku, anasintha kagwiridwe ka ntchito, chinthu china chikubala chinzake. Ndingampatse 4, 5 ndikumumana poti sanatchule kalikonse kosonyeza kuti anafufuza zomwe zimaphunzitsidwa mu kosi akuipemphayo. Kuwonkhetsa: woyamba 5, 2, 2 ndi 9, wachiwiri 3, 5, 4 ndi 12. Pa kuwerenga kumodzi kuja woyambayo akanatenga 15.

Chenjerani pang'ono apa, umboni si kukula kwa mwayi. Wina anakaphunzira ntchito pa kampani yaikulu poti makolo ali ndi owadziwa, wina anangokhala ndi nyale yakufa. Yezani zomwe anachita ndi chomwe anali nacho. Chimodzimodzi nkhani zomvetsa chisoni, umasiye, kusowa fizi, zimakhudza mtima zedi ndipo nzoona, koma malo ake ndi gawo loyeza kusowa ngati fomu yanu ili nalo. Zimalowa pa chidwi pokhapokha mwanayo akaonetsa chomwe anachitapo mavutowo ali mkati.

Nanga mukakayika kuti anachita kumulembera? Musadule malikisi chifukwa cha kukayika chabe, alipo ana olemba bwino mwachibadwa ndipo mungawalakwire. Yerekezani kalatayo ndi zotsatira za mayeso komanso kalata ya aphunzitsi omuchitira umboni. Akuti amatsogolera kalabu ya sayansi koma aphunzitsi sakuitchula olo pang'ono, lembani chizindikiro, mukamufunse pa intavyu kuti kalabuyo inapangapo chani. Mwini nkhani amawonjezera zomwe sizili papepala, wolemberedwa amangobwereza ziganizo zomwezo.

Musanayambe mulu wonse, a komiti nonse chongani makalata asanu ofanana aliyense payekha, kenako muyerekeze. Mupeza kuti 3 wa wina ndi 5 wa mnzake. Gwirizanani, mulembe chiganizo chimodzi chofotokoza 1, 3 ndi 5 pa gawo lililonse. Kenako kalata iliyonse iwerengedwe ndi anthu awiri osaonetsana malikisi, ndipo akasiyana ndi 2 kapena kuposa pa gawo limodzi ipite kwa wachitatu, musangogawa pakati.