Foni ikulemba Weak Security: musankhe chiyani pa rauta?

"Abale, foni yanga yayamba kulemba Weak Security pansi pa dzina la Wi-Fi ya kushopu. Mu rauta muli WEP, WPA-PSK, WPA2-PSK, WPA/WPA2 ndi WPA3. Ndisankhe iti? Nanga batani la WPS ndi lachiyani?"

Achimwene, sankhani WPA2-PSK, ndipo pabokosi lolembedwa Encryption kapena Cipher muikepo AES yokha, osati TKIP kapena TKIP+AES. Bokosi lachiwirili ndi limene anthu ambiri amalidumpha, chonsecho kawirikawiri ndi limene limabweretsa chenjezolo.

Lumikizani laputopu ku rauta ndi waya ngati muli nawo, chifukwa mukangosintha, Wi-Fi iduka kaye. Adiresi yolowera, yoti muilembe mu browser, yalembedwa pakapepala kunsi kwa rauta. Nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo tima MiFi ta Huawei timakonda 192.168.8.1. Mukalowa pitani pa Wireless kapena WLAN, kenako Security. Ngati rauta ili ndi 2.4 GHz ndi 5 GHz, musinthe zonse ziwiri, poti iliyonse imakhala ndi bokosi lakelake.

WEP musaiganizire n'komwe. Kufooka kwake kunadziwika mu 2001, ndipo munthu wokhala pakhonde ndi laputopu angathe kupeza kiyi yake m'mphindi zochepa, pasiwedi italike bwanji. TKIP inabwera mu 2003 ngati chigamba chongogwirizira marauta akale, podikira WPA2 ya mu 2004. Kuwonjezera pa kufooka, imakubaniso liwiro: chipangizo cholumikizidwa ndi TKIP sichidutsa 54 Mbps, ngakhale rauta itakhala yothamanga kuposa pamenepo. WPA/WPA2 yosakanizayo ndi imene imasiya khomo la TKIP lotsegula.

Nanga bwanji osangosankha WPA3? Ndi yabwinodi kuposa zonse. Pa WPA2, wakuba akatola mauthenga ochepa amene foni ndi rauta zimapatsana polumikizana, amapita nawo kwawo n'kumayesa mapasiwedi mamiliyoni popanda inu kudziwa. WPA3, ya mu 2018, inatseka njira imeneyo: kuyesa kulikonse kuyenera kuchitikira pa rauta penipeni. Vuto ndi zipangizo zakale. Mafoni anayamba kuidziwa pa Android 10 ndi iOS 13, ndipo mapulinta ndi makamera ambiri otchipa saidziwa. Ngati pali WPA2/WPA3 yosakaniza, iyeseni. Zatsopano zilowera pa WPA3, zakale pa WPA2.

Tiyerekeze kuti mwatero, mafoni onse alowa, koma pulinta ikukana, ikungoti pasiwedi ndi yolakwika pamene mwalemba bwinobwino. Yambani ndi kuchotsa netiwekiyo pa pulinta n'kuilumikizanso, chifukwa imakhala ikukumbukirabe zakale. Ikakanabe, fufuzani PMF kapena Protected Management Frames: ikakhala pa Required, iikeni pa Optional kapena Capable, pakuti WPA3 imaifuna koma zipangizo zakale zina siziidziwa. Zikakanikanso bwererani pa WPA2-PSK ndi AES. Koma ngati pulintayo imangodziwa WEP kapena TKIP basi, musafooketse shopu yonse chifukwa cha iyo. Ilumikizeni ndi waya wa USB.

WPS izimitseni. Ntchito yake ndi kulumikiza chipangizo osalemba pasiwedi, pokanikiza batani kapena kulemba PIN ya manambala 8. Mu 2011 katswiri wina, Stefan Viehböck, anaonetsa kuti rauta imayankha theka loyamba la PIN palokha, ndipo nambala yomaliza ndi yongotsimikizira zinazo. Ndiye m'malo moyesa kambirimbiri, wakuba amangoyesa ka 10,000 pa theka loyamba ndi ka 1,000 pa lachiwiri, zonse pamodzi 11,000. PIN ikapezeka, rauta imapereka yokha pasiwedi yanu, ngakhale ikhale yovuta chotani. Marauta ena amatseka akayesedwa kangapo, koma simungadalire zimenezo.

Pa WPA2 chitetezo chotsala chili pa pasiwedi. Imaloledwa zilembo 8 mpaka 63. Inu ikani zosachepera 16, monga mawu anayi osagwirizana. Nambala ya foni ayi, dzina la shopu lotsatana ndi chaka ayinso. Ndipo pasiwedi yolowera mu rautamo ikakhala idakali admin, isintheni, apo ayi kasitomala aliyense amene munamupatsa Wi-Fi angathe kubwezera zonse mwakonzazi. Zobisa dzina la netiweki ndi MAC filtering, yosankha zipangizo zololedwa kulowa, musataye nazo nthawi, odziwa amazilambalala mosavuta.

Mukamaliza, lumikizani laputopu ya Windows ku Wi-Fi, tsegulani Command Prompt mulembe:

```
netsh wlan show interfaces
```

Pa Authentication payenera kuoneka WPA2-Personal kapena WPA3-Personal. Pa Cipher mukaona CCMP musadabwe, ndi AES yomweyo. Pakalembedwabe TKIP, ndiye kuti simunakanikize Save, kapena mwasintha 5 GHz yokha pamene laputopu ili pa 2.4 GHz.