Mameseji awiri aja sagwira ntchito imodzi

"Azakhali, inu munakhalitsa pa risepishoni ya kiliniki. Kuntchito andiuza kuti ndizitumizira odwala meseji yowakumbutsa kutatsala tsiku limodzi, kenako ina m'mawa wa tsikulo. Imodzi siyokwanira? Ndikuona ngati tikungowasowetsa mtendere anthu."

Mwana wanga, ndamva funso lako, ndiye ndingolankhula chifukwa kulemba zonsezi kunditengera nthawi. Mameseji awiri aja akufanana mawu, koma aliyense ali ndi ntchito yakeyake. Ukachotsa imodzi, pali anthu ena amene uwataye.

Tiyambe ndi amene amajombawo. Ambiri si amwano ayi. Munthu anapatsidwa deti milungu isanu ndi umodzi yapitayo, analemberedwa pa kakhadi, kakhadiko kanalowa m'chikwama, basi. Ukamufunsa lero kuti kodi muli ndi tsiku lokaonana ndi dokotala, akuyankha kuti eya, ndipo mwina detilo alitchula molondola. Nkhaniyo ili m'mutu mwake ndithu. Chimene chimavuta n'choti itulukire yokha pa nthawi yoyenera, popanda womufunsa. Mutu wa munthu umakumbuka msanga ukaona chinthu, monga ukaona botolo la mankhwala patebulo n'kukumbuka kumwa. Koma "Lachinayi 10 koloko" sichinthu choti ungachione. Lachinayi limacha ngati Lachitatu. Meseji ija ndiye imakhala botolo la patebulo lija.

Tsopano tenga bambo mmodzi, tingoyerekeza. Ali pa ntchito yolembedwa, ndipo akuyenera kudzayezetsa magazi Lachinayi 10 koloko m'mawa, kuyeza kwa mtundu uja kofuna kuti munthu akhale osadya maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Meseji yako yoyamba yamupeza Lachitatu masana. Taona zimene akuyenera kuchita tsikulo lisanathe: apemphe chilolezo kwa abwana ake, afunefune khadi lija, aganize za mayendedwe, apeze woperekeza mwana kusukulu, ndipo adziwe ola loti asiye kudya usiku. Zonsezi sizingatheke Lachinayi m'mawa. Ukamukumbutsa 7 koloko ya tsiku lomwelo basi, wakumbuka inde, koma wadya kale, abwana sakudziwa, ndiye angoti aa, ndidzapita ulendo wina. Ndipo anthu otere kawirikawiri saimba n'komwe, amachita manyazi.

N'chifukwa chake yoyambayo uzitumiza dzuwa likadali m'mwamba, anthu akadali kuntchito ndipo foni ya pa risepishoni ikuyankhidwa. Ukatumiza 8 koloko usiku, waipha ntchito yake. Munthu afuna kusintha deti, aimbira ndani?

Apa ndi pamene ine ndimapakonda kwambiri, chifukwa achinyamata ambiri sapaona. Meseji ya dzulo lake sikuti imangobweretsa anthu, imatulutsanso poyera amene sabwera. Munthu akakuyankha Lachitatu masana kuti mawa sinditha, umenewo si mwayi wotayika. Uli ndi theka la tsiku loti uimbire wina amene akudikira pa mndandanda, alowe pa 10 koloko paja. Dokotala sakhala manja lende, wodwala winayo wathandizidwa msanga, ndipo bambo ujanso wamupatsa deti lina m'malo moti angosowa. Choncho m'mesejimo muzikhala njira yapafupi yokanira. Ine ndinkalemba motere:

"Bambo uje, tikukukumbutsani kuti mawa Lachinayi, 10 koloko m'mawa, tikukuyembekezerani ku kiliniki. Musadye kuyambira pakati pa usiku, madzi okha mukhoza kumwa. Mubweretse khadi lanu. Yankhani 1 ngati mubwera, 2 ngati mukufuna tsiku lina."

Waona kuti ndalemba dzina la tsiku, osati "mawa" yekha? Munthu akhoza kuiwerenga mochedwa, foni inali yozima, waitsegula Lachinayi, ndiye "mawa" uja wasanduka Lachisanu. Komanso za kusala kudyazo uzilemba monga wanenera dokotala kapena a ku labu, osati za m'mutu mwako.

Nanga ya m'mawa ija? Bwerera kwa bambo uja. Meseji ya Lachitatu anaiwerenga ali pakati pa ntchito, anayankha 1, anatsimikiza mumtima kuti apita. Wagona. M'mawa thupi limayenda lokha m'njira imene linazolowera: kudzuka, kusamba, kuika kanthu m'kamwa, kutuluka kulowera kuntchito. Munthu amatha kufika pakati pa njira asanaganize chilichonse. Sikuti wasintha maganizo, chizolowezi changomutsogolera. Meseji yachiwiri ntchito yake ndi kumudula chizolowezicho chisanamutenge. Ndiye ifike asanatuluke m'nyumba, osati 9 koloko pamene ali kale kwina. Kwa amene ali ndi nthawi ya masana, ukhoza kuichedwetsa kuti ifike kutatsala maola awiri kapena atatu, malinga ndi kutalika kwa ulendo wake. Ndipo ikhale yaifupi: lero, ola lakuti, malo akuti, khomo lakuti. Usabwerezenso zonse za dzulo. Anthu amatopa ndi meseji yofanana ndendende, koma iyi ikunena zimene akufunika pa ola limenelo.

Kuti usaone ngati ndi nzeru zanga zokha, bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa zaumoyo, linaunika nkhaniyi mu 2013. Pa anthu 100 osakumbutsidwa, amene anafika anali pafupifupi 68. Okumbutsidwa pa meseji, pafupifupi 79. Oimbiridwa foni, pafupifupi 80. Manambala amenewa akuyerekeza kukumbutsa ndi kusakumbutsa, koma taona mfundo yake: meseji inatsala pang'ono kufanana ndi kuimba, chonsecho ndi yotsika mtengo ndipo sikudyera tsiku lonse uli pa foni.

Koma taonanso kuti ngakhale atakumbutsidwa, anthu 21 pa 100 aja sanafikebe. Meseji imachiza kuiwala ndi kusakonzekera basi. Amene alibe ndalama yoyendera, amene akuopa zotsatira za magazi, amene anakalipiridwa ulendo watha, amene akumva kuti wachira, ameneyo ngakhale umutumizire kasanu sabwera. Munthu akayankha 1 kawiri konse n'kujomba maulendo awiri otsatizana, leka mameseji, muimbire, umufunse mwaulemu chimene chikumuvuta.

Zina zimene zimalakwika ndi zazing'ono koma zimapweteka. Nambala yolakwika ndiye yoyamba. Munthu aliyense akafika pa desiki, muwerengere nambala imene ili m'kaundula, avomere yekha. Chachiwiri, ndipo ichi ndikupempha usachiiwale, foni sikhala ya munthu mmodzi nthawi zonse. Mwamuna, mkazi, mwana, aliyense akhoza kuitsegula. Usalembe dzina la matenda, ngakhale dzina la chipinda limene lingaulule matendawo. Ndipo pomulembetsa, mufunse ngati akulola kulandira mameseji pa nambala imeneyo. Ine ndinaonapo mayi wina atasiyiratu kubwera chifukwa meseji inawerengedwa ndi munthu wolakwika kunyumba, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ukafuna kudziwa ngati zikugwira ntchito kwanuko, tenga kope, pa dzina lililonse uzilemba chimodzi mwa zinayi: wabwera, wasintha deti, wajomba osanena, kapena meseji sinafike. Uwerenge mwezi wathunthu, uyerekeze ndi mwezi wa m'mbuyo musanayambe. Usadabwe ukaona osintha deti achuluka, ndiye kuti ya dzulo lake ikugwira. Chimene ukufuna chitsike ndi cha ojomba osanena. Ngati sichikutsika, yamba wayang'ana mzere wa mameseji osafika ndi ola limene mukutumizira. Mwezi ukatha unditumizire chithunzi cha kopelo, tidzaonere limodzi.