Sukulu inalipira kale, koma invoisi ikuonetsabe ngongole

"Ndili ndi shopu yosoka mayunifomu ku Mchesi, ndipo ndimalemba za ndalama mu QuickBooks Online. Sukulu ina ndinaipatsa invoisi ya K900,000, koma ku banki kunalowa K873,000. Pano pulogalamuyi ikuonetsa kuti sukuluyo sinalipire, komanso malonda a mwezi umenewo akuoneka ochuluka kuposa amene ndinapanga. Ndalakwitsa pati?"

Mayi, ndalama ya ntchito imodzi mwailemba kawiri. Koyamba munailemba tsiku lomwe munapanga invoisi. Kachiwiri munailemba pamene ndalama inaonekera pa sitetimenti ya banki, inu n'kuiika m'gulu la malonda ngati ndalama yatsopano.

Mukangosunga Invoice, pulogalamuyi imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Imawerengera K900,000 ngati malonda, ndipo imalembanso kuti sukuluyo ili ndi ngongole ya K900,000 kwa inu. Pamenepa malonda alembedwa kale, ngakhale tambala isanafike m'manja mwanu. Ndalama ikadzabwera, ntchito yake ndi kufafaniza ngongole ija basi. Ndikukhulupirira kuti mukatsegula Profit and Loss ya mwezi umenewo, mutasankha Accrual pamwamba, mupeza K1,773,000 pamalo pomwe panayenera kukhala K900,000. Mukatsegulanso lipoti la okongola, lomwe dzina lake limayamba ndi Accounts receivable kapena A/R, sukulu ija ikhala ili pomwepo ngati sinakupatseni kanthu.

Sikuti munachita mwaulesi ayi. Pulogalamuyi ikaona ndalama pa sitetimenti, imafufuza invoisi kapena malipiro a ndalama yofanana ndendende, ndipo ikapeza imakuonetsani Match. Koma K873,000 si K900,000, ndiye inangokhala chete, n'kukusiyirani mwayi wosankha gulu nokha.

Nanga K27,000 inapita kuti? Imeneyi ndi 3 peresenti yeniyeni ya K900,000, choncho ndikuona kuti sukuluyo inadula msonkho uja wolipira amachotseratu n'kukapereka ku MRA m'dzina lanu. Afunseni a ku ofesi ya ndalama pasukulupo, ndipo akavomera akupatseni satifiketi yake yokhala ndi nambala yanu ya msonkho yolondola. Ndalama imeneyi sinatayike, ndipo si kuchotsera mtengo. Ndi msonkho womwe mwalipiriratu, udzachotsedwa pa msonkho wa phindu lanu podzawerengera za chaka. Ambiri amangoichepetsa invoisi kuti ifike pa K873,000 kuti zinthu zigwirizane. Musatero, chifukwa pepala lomwe lili kusukulu likunena K900,000, ndipo mabuku anu adzakhala opanda chizindikiro chilichonse chakuti munalipirako msonkho.

Kukonza kwake kuli motere. Yambani ndi kumasula cholakwika chija: pitani pa tsamba la Bank transactions, pezani K873,000 pakati pa zomwe munaziika kale m'magulu, dinani Undo. Ibwerera pamndandanda wa zodikira, ndipo malonda owonjezera aja achoka pompo. Kenako mu Chart of accounts tsegulani akaunti yatsopano ya mtundu wa Current assets, kwina amalemba Other current assets, muitche dzina lomwe mudzalimvetse, monga "Msonkho wodulidwa". Imeneyi mungoitsegula kamodzi.

Tsopano sankhani Receive payment, ikani dzina la sukulu, chongani invoisi ija, ndipo lembani K900,000 yonse. Pa Deposit to musasankhe banki, sankhani Undeposited Funds, yomwe kwa ena imaoneka ngati Payments to deposit. Apa invoisi yatsekeka. Mukatero tsegulani Bank deposit, sankhani akaunti ya banki ndi tsiku lomwe ndalama inalowa, chongani K900,000 ija. M'munsi muli gawo lolembedwa Add funds to this deposit. Onjezani mzere pamenepo, akaunti ikhale "Msonkho wodulidwa", ndalama ikhale -27000, ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo. Chiwerengero chonse chitsika kufika pa K873,000. Sungani, bwererani ku Bank transactions, ndipo tsopano Match ionekera. Satifiketi ija ikabwera, ijambuleni muimate pomwepo pa Attachments.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito kasitomala akatumiza ndalama koma banki n'kudulapo yake panjira. Chosiyana n'chakuti mzere wochotsera uja umapita ku akaunti ya zolipira ku banki, chifukwa imeneyo ndiye yapita ndithu.

Si malonda onse ofunika invoisi. Kholo likabwera kudzagula yunifomu imodzi n'kulipira pomwepo, lembani Sales receipt. Imalemba malonda ndi malipiro pakamodzi, palibe ngongole yodzatseka. Invoisi ndi ya amene atenga katundu lero kudzalipira mtsogolo.

Popeza mwalakwitsa mbali ya malonda, ndikukayika ngati mbali ya zogula ili bwino, poti msampha wake ndi womwewo, kungoutembenuza. Tinene kuti mwatenga nsalu za K400,000 pangongole kwa wogulitsa wanu wa ku Malangalanga, kuti mudzalipire pakutha kwa mwezi. Zimenezo zimalembedwa ngati Bill, tsiku lomwe mwalandira nsaluzo. Tsiku lolipira mumagwiritsa ntchito Pay bills. Mukalemba Expense tsiku limenelo, nsalu zija ziwerengedwa kawiri, K800,000, phindu lioneka lochepa, ndipo wogulitsayo azionekabe ngati simunamulipire. Expense ndi ya zomwe mwagula n'kulipira nthawi yomweyo, monga ulusi, mabatani, mayunitsi a magetsi, kabaza wonyamula katundu. Wakabaza sapereka risiti, tonse tikudziwa, koma lembanibe tsiku lomwelo, ndipo pa Memo mufotokoze kuti ananyamula chiyani kupita kuti. Malisiti a pa kamakina aja amafufutika pakapita miyezi, ndiye ajambuleni akadali owerengeka.

China chomwe chimatupitsa malonda m'mabizinesi athu ndi ndalama za pafoni. Airtel Money kapena TNM Mpamba muitsegulire akaunti yakeyake mu pulogalamumo ngati banki ina, ndipo ndalama za mu dilowa zikhalenso ndi yake. Mukasamutsa K150,000 kuchoka pafoni kupita ku banki, imeneyo ndi Transfer. Simunagulitse kanthu, mwangoichotsa m'thumba lina kuika m'thumba lina. Chomwe chili Expense pamenepo ndi kandalama komwe akudulani potumiza. Ndipo ngati nambala ya foniyo ndi yomweyo imene mumalandirira za kuchikwati ndi za banki m'khonde, ine ndingakulangizeni kugula laini ina ya shopu yokha. Mukatapa ndalama ya shopu kulipirira mwana fizi, muilembe ku akaunti ya zomwe mwini watenga, yomwe ili m'gulu la Equity, osati ngati zowonongera bizinesi.

Mukamaliza kukonza, onani zinthu zitatu. Invoisi ija ilembedwe Paid kapena Deposited. Akaunti ya Undeposited Funds ikhale pa ziro, ndipo ngati muli ndalama zakale zomwe mukudziwa kuti zinalowa kale ku banki, dziwani kuti pali malonda ena omwe analembedwanso kawiri, muwatsate mmodzimmodzi. Pomaliza chitani Reconcile: lembani ndalama yotsala yomwe ili pa sitetimenti ya banki pa tsiku lomaliza la mwezi, chongani zonse zomwe zikuoneka mbali zonse ziwiri, mpaka Difference ifike pa 0.00. Ngati miyezi yam'mbuyo munaipanga kale Reconcile, kapena munapereka kale ziwerengero zake ku MRA, musadine Undo pa za miyezi imeneyo musanakambirane ndi akauntanti wanu, chifukwa zisintha malipoti omwe munatumiza kale.