Redis ikuoneka ngati yakhala chabe koma pulogalamu ikulira `timeout`

"Akuluakulu thandizeni. Anthu akachuluka pulogalamu yathu ikumalemba `Read timed out` kuchokera ku Redis, koma seva purosesa yake sikudutsa 15%, memole ilipo yambiri. Ndiyang'ane pati?"

Achimwene, 15% imeneyo ndi imene inatipusitsa ifenso, musaikhulupirire. Redis imagwira malamulo limodzilimodzi pa ulusi umodzi. Ngati purosesa yanu ili ndi magawo 8, gawo limodzi likadzaziratu galafu imangoonetsa 12.5%, inu n'kumati seva ikupuma pomwe ikubanika. Tsegulani `top`, dinani `1`, muone gawo lililonse palokha pa nthawi imene vuto likuchitikayo.

Zathu zinachitika usiku wotsatsa malonda, anthu atadzaza. Foni ya abwana sinkaduka, makasitomala dengu logulira likungozungulira, loogi yonse yafiira ndi `SocketTimeoutException`. Chondiwawa mpaka lero, zimene zinkafazo zinali `GET` wamba, kulandira kiyi imodzi yaing'ono. Wina akuti ndi netiweki, wina akuti tigule seva yaikulu. Ndinasiya `redis-cli --latency` ikuyenda, chiwerengero chapakati chikuoneka bwinobwino koma `max` ikulumpha kupitirira mamilisekondi 1000. Kenako ndinalemba izi:

```
SLOWLOG GET 20
INFO commandstats
```

Mizere yonse 20 inali `KEYS cache:item:*`, uliwonse pafupifupi 400000. Nambala imeneyi ndi mamaikulosekondi, ndiye kuti masekondi 0.4 pa lamulo limodzi. Kampani ina imene tinaipatsa ntchito inaika `KEYS` m'kati mwa kodi yosintha katundu, kuti munthu akagula ifufute zosungidwa zakale. `KEYS` imayenda pa makiyi onse a m'nkhokwemo ngakhale ofanana ndi amene mukufuna atakhala atatu okha, ndipo ife tinali nawo mamiliyoni. Masana wamba inkabwera mwa apo ndi apo, palibe ankaona. Usiku umenewo zisanu zikafika pamodzi ndi masekondi 2 amenewo, ndipo Jedis, laibulale ya Java yolumikizira ku Redis, mukapanda kusintha imadikira mamilisekondi 2000 basi n'kutaya. Aliyense amene ali kumbuyo pa mzerewo wagwa.

Nanga anthu ake! Titawaimbira anatiyankha mosatekeseka kuti "kwathu zinkayenda". Zikanalephera bwanji pa laputopu ya makiyi ochepa? Chikalata cha Redis chenichenicho chimachenjeza poyera za `KEYS` pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito, sanawerenge. Mawa lake anatumizanso invoisi ya "thandizo ladzidzidzi". Ndisapitirize, mtima ungakwerenso.

Muzindikire kuti `GET` zimene zinkafazo simudzaziona mu `SLOWLOG`. Iyo imayeza nthawi yogwira lamulolo yokha, osati yodikira pa mzere kapena ya pa netiweki. Ndiye musamafunemo lamulo limene likudandaula, funani limene latsekereza anzake. Imalemba zopitirira mamilisekondi 10 ndipo imasunga mizere 128 yokha, choncho muyang'ane msanga zisanafufutike. Kuyambira Redis 4.0 imaonetsanso adilesi ya amene watumiza lamulolo, ife tinamugwirira pamenepo. Si `KEYS` yokha ayi: `SMEMBERS` kapena `HGETALL` pa kiyi yonenepa, `DEL` ya mndandanda wa zinthu mamiliyoni, sikiriputi ya Lua yotalika, zonsezi zimaimitsa onse. `redis-cli --bigkeys` ikuonetsani makiyi onenepawo, ndipo pofufuta gwiritsani `UNLINK`, imamasula memole kumbali.

Mukapeza `SLOWLOG` ili mbee, lembani `INFO clients` muone `blocked_clients`. `BLPOP` siimitsa seva, koma imagwira konekishoni mpaka uthenga utafika, ndipo mukaipatsa `timeout` ya 0 imadikira mpaka kalekale. Ngati ikutunga pa puulu imodzi ndi `GET` zanu, ndipo puulu ya Jedis poyambira imakhala ya makonekishoni 8, antchito 8 odikira amaimaliza yonse. Apo seva imakhaladi ilibe chochita, mzere uli mbali ya pulogalamu yanu. Kungoti uthenga wake umakonda kukhala `Could not get a resource from the pool`, osati wanuwo, n'chifukwa chake ine ndikukayikira lamulo lochedwa. `BLPOP` ipatseni puulu yakeyake.

Langizo langa, `timeout` musaikweze, mungobisa matenda, maulusi a pulogalamu azingounjikana akudikira. Ngakhale kunena zoona ife usiku uja tinaikweza kufika masekondi 5 ndipo ndi imene inatifikitsa m'mawa, ndiye ngati moto wayaka kale kwezani, koma mudzaibweze. `SCAN` anthu akuuzani kuti ndiye mankhwala. Inde siimitsa anzake nthawi yaitali, komabe imayenda pa makiyi onse omwewo, ndiye pa kugula kulikonse ayi. Ife tinayamba kusunga maina a makiyi a katundu aliyense mu seti yaing'ono, pofufuta n'kungowerenga imeneyo. Tatumizani zimene `SLOWLOG GET 20` yatulutsa, muphimbe maadilesi, tione limodzi.