Mafyuluta awiri, ine ndikupeza 60 koma buku likuti 30

"Aphunzitsi ndithandizeni, funso la fizikisi ili landizunguza mutu. Akuti kuwala kwa babu kwa 80 W/m² kukudutsa pa mafyuluta awiri opolarayiza, yoyamba yapendekeka madigiri 20 kuchoka pa mzere woimirira, yachiwiri madigiri 50 mbali yomweyo. Ndagwiritsa ntchito I = I₀ cos²θ ndipo ndikupeza 60, koma kumapeto kwa buku alemba 30. Kapena buku ndi lomwe lalakwitsa?"

Buku silinalakwitse ayi mwana wanga, 30 ndi yolondola. Koma sunasochere patali, ndaona kale kuti engo unaipeza bwino, unachotsa 20 mu 50 nkupeza 30, ndipo cos² ya madigiri 30 ndi 0.75, mpaka apo zonse zili bwino. Pomwe wapunthwa ndi pa 80 uja. Unamutenga nkumuika mu fomyula ngati kuti ndi kuwala komwe kukufika pa fyuluta yachiwiri, chonsecho kuwalako kwadutsa kale pa fyuluta yoyamba ndipo kwasiya theka lake pomwepo.

Nkhani yake ili chonchi. Kuwala ndi funde, ndipo fundelo limagwedezeka chopingasa njira yomwe likulowera. Kuwala kwa babu kapena kwa dzuwa kumagwedezeka mbali zonse mosakanikirana, kwina choimirira, kwina chogona, kwina chopendekeka, palibe mbali yomwe yaposa inzake. Fyuluta iliyonse ili ndi mzere wake umodzi womwe imalola, ena amati akisisi, ndipo chomwe chimatuluka kuseri kwake chimakhala chikugwedezeka motsata mzere umenewo basi. Ndiye kuwala kosakanikirana kuja kukafika pa fyuluta yoyamba sungafunse kuti engo yake ndi chani, chifukwa ma engo onse alipo nthawi imodzi. Ukatenga avereji ya cos² pa ma engo onsewo imatuluka theka ndendende. Nchifukwa chake fyuluta yoyamba imangodula pakati, kaya waipendeketsa madigiri 20, kaya 70, kaya waigoneka, 80 amasanduka 40 basi.

Tsopano 40 ameneyu ndi amene ali I₀ wa mu fomyula yako. Lamuloli limatchedwa la Malus, dzina la Étienne-Louis Malus, katswiri wa ku France yemwe anatulukira mu 1808 kuti kuwala kukanjanja pa galasi kumapolarayizika, ndipo limagwira ntchito pa kuwala komwe kuli kale ndi mbali imodzi yogwedezekera. Kuwala kwathu kwatuluka pa fyuluta yoyamba kuli pa madigiri 20, fyuluta yachiwiri ili pa 50, kusiyana kwake 30, ndiye

I = 40 × cos²30° = 40 × 0.75 = 30 W/m²

Ndi yomwe ili kumapeto kwa buku ija. Ukanatha kudzigwira wekha usanatsegule nkomwe kumapetoko: ngati kuwala kwayamba kosakanikirana, chotuluka sichingapose theka la chomwe chinalowa, ngakhale mafyuluta awiriwo atalunjikana bwinobwino. 60 waposa 40, pamenepo pokha belu limayenera kulira.

Mwina udzafunsidwa chifukwa chomwe cos ameneyu ali ndi sikweya, ndipo ana ambiri amangoloweza osadziwa komwe wachokera, kenako tsiku la mayeso sikweya uja amagwera panjira. Fyuluta simadula mphamvu mwachindunji, imadula kaye msinkhu wa funde, ampulichudi. Jambula muvi wopendekeka madigiri 30 kuchoka pa mzere wa fyuluta, gawo la muviwo lomwe lagona motsata mzerewo ndi utali wake kuchulukitsa ndi cos 30°, yomwe ndi 0.866, gawo linalo lopingasa limamezedwa ndi fyuluta. Koma mphamvu ya kuwala imayendera sikweya ya ampulichudi, ndiye 0.866 kuchulukitsa ndi 0.866 ndi 0.75 uja. Ukaiwala sikweya upeza 34.6, ndipo olemba mayeso osankha mayankho amakonda kuika nambala ngati imeneyi dala pakati pa mayankho, limodzi ndi 60 wako yemweyu, chifukwa amadziwa maenje omwe ana amagweramo.

Mawu oti "mbali yomweyo" mu funsomo usawapeputse. Ikanakhala kuti fyuluta ina yapendekekera kumanzere madigiri 20 ina kumanja madigiri 50, engo ya pakati pawo ikanakhala 70, osati 30, ndipo yankho likanatsika mpaka pafupifupi 4.7 W/m². Ine ndimauza ana anga kuti ajambule mizere iwiriyo pa pepala asanagwire kakyuleta, zimatenga masekondi ochepa. Kakyuletayonso uyiyang'ane, pa sikirini pazioneka DEG kapena D. Ikakhala pa RAD, cos 30 imakupatsa 0.154 m'malo mwa 0.866 ndipo yankho lonse limatuluka 0.95, ukaona kanambala konyozeka chonchi pa engo yaing'ono dziwa kuti vuto ndi kakyuleta osati iwe.

Pali mtundu wina wa funso lomweli womwe umagwira amene angoloweza kuti "yoyamba ndi theka". Funso likanena kuti kuwala kolowako nkopolarayizidwa kale, tinene choimirira, theka lija silikhalaponso. Fyuluta yoyamba nayonso imatenga cos², 80 × cos²20° ndi pafupifupi 70.6, kenako kuchulukitsa ndi 0.75 nkupeza pafupifupi 53. Manambala omwewo, mafyuluta omwewo, mawu amodzi okha asintha. Ndiye pa fyuluta iliyonse uziima kaye nkudzifunsa kuti kuwala kukufika apaku kuli ndi mbali yake kale kapena ayi. Ngati kulibe, dula pakati. Ngati kuli nayo, cos² ya engo ya pakati pa mbaliyo ndi mzere wa fyuluta yomwe kukulowa.

Funso limeneli ndi lomwe limamasulanso chodabwitsa cha mafyuluta atatu. Awiri akapingasana madigiri 90 kumakhala mdima, cos 90° ndi ziro. Koma ukalowetsa yachitatu pakati pawo pa madigiri 45 kuwala kumabwerera, eti kuwonjezera chotchinga koma nkuwala. Chimachitika nchoti yapakatiyo imatulutsa kuwala komwe tsopano kuli pa 45, ndiye yomaliza sikuonanso 90 koma 45. Ndi 80 wathu uja: 40, kenako 20, kenako 10, gawo limodzi mwa magawo 8. Ukaika yachitatuyo kutsogolo kapena kumbuyo kwa ziwiri zopingasanazo mdima umakhalabe, iyenera kukhala pakati.

Ngati ungapeze magalasi a dzuwa opolarayiza, yang'ana nawo sikirini ya laputopu ya LCD yoonetsa tsamba loyera, uziwatembenuza pang'onopang'ono. Sikiriniyo imatulutsa kuwala kopolarayizidwa kale ndiye magalasiwo ndi fyuluta yachiwiri, uona kuti pafupi ndi pomwe pakuwala kwambiri kutembenuza pang'ono sikusintha zambiri, koma chapakati kumada msanga, mpaka bii ukakwanitsa madigiri 90 kuchoka powala paja. Ku labu ukamayeza ndi mita usadabwe fyuluta yoyamba ikakupatsa chochepera theka, mafyuluta enieni amameza kuwala kwina kowonjezera ndipo akapingasana kamatsalabe kakuwala pang'ono. Ndiye I₀ wako uziyeza kuseri kwa mafyuluta onse awiri atalunjikana pa ziro, magetsi a m'chipinda atazimitsidwa, kenako ujambule girafu ya I molimbana ndi cos²θ, ikuyenera kutuluka mzere woongoka.