Dzina la pa lebulo la uchi lisafe pa foni

*Alangizi, ndimaweta njuchi kuno ku Bvumbwe, ndipo pa mabotolo anga pamalembedwa kuti Uchi wa M'ming'oma. Sitolo ina ya ku Limbe yati mainivoisi ndizitumiza pa imelo ya bizinesi, osati pa Gmail yanga. Mwana wa achemwali anga akuti andigulira domeni ya `uchiwammingomabvumbwe.com` pa akaunti yake. Ndivomere ndisanasindikize malebulo 2,000 atsopano?*

Mayi, yambani mwaimitsa kaye osindikizawo. Mwanayo maganizo ake ndi abwino, koma dzinalo ndi akauntiyo zonse ziwiri zidzakulizani.

Tiyambe ndi dzinalo. Mu domeni, dzina lija lokhala kumanja kwa chizindikiro cha `@` mu adiresi ya imelo, mumalowa zilembo kuyambira a mpaka z, manambala, ndi kamzere kapakati aka `-`, basi. Mpata pakati pa mawu sulowa, ndipo kachizindikiro kam'mwamba kaja ka mu ng'ombe ndi m'munda nakonso sikaloledwa. Nchifukwa chake m'ming'oma yasanduka `mmingoma`. Inu mukuwerenga bwinobwino chifukwa mukudziwa zomwe mumagulitsa. Kalaliki wa ku Limbe akamva pa foni adzalemba m mmodzi, kapena adzayesa kuika kachizindikiroko kompyuta n'kumukana. Kenako pakubwera Bvumbwe. Ife a kuno b wakutsogoloyo timamudziwa chifukwa timamuwona pa zikwangwani tsiku ndi tsiku, koma pakamwa samveka, ndipo wobadwira ku Karonga adzalemba `vumbwe` ali ndi mtima wonse kuti walondola. Zilembo zonse pamodzi ndi 21, ndipo m'menemo muli malo atatu kapena anayi oterera.

Choopsa chake n'chakuti munthu akaphonya chilembo chimodzi, inu simumva kanthu. Kalata imabwerera kwa iye ndi uthenga wachingerezi woti adiresiyo kulibe, ndipo ambiri uthenga wotere saulabadira. Iye akudikira yankho lanu, inu mukudikira oda yake, mapeto ake amakagula uchi kwa wina amene wayankha msanga.

Mayina a kuno kwathu ali ndi misampha yakeyake. L ndi r timasinthanitsa osazindikira, moti dzina lokhala ndi kulera wina adzalemba kulela. H wa mu th, ph ndi kh amagwa kawirikawiri. Ŵ wa kadenga musamuyese n'komwe. Ngakhale maboma athu awiriwa a Thyolo ndi Mulanje atsamunda ankawalemba Cholo ndi Mlanje, ndipo mpaka lero alipo olemba Tcholo. Komabe Thyolo ndi dzina lomwe lili pa mapu, m'nyuzipepala ndi pa maminibasi a ku Limbe, choncho ogula anu ambiri amalidziwa kalembedwe kake kuposa Bvumbwe. Ndikanakhala ine ndikanayesa `uchithyolo`, zilembo 10, kapena `uchiwathyolo`, zilembo 12. Dzina la pa botolo lisasinthe. Palibe lamulo loti domeni ifanane ndendende ndi dzina la bizinesi, bola wowona azindikire kuti ndi inu. Kamzere kapakati ndi manambala zisiyeni, chifukwa mudzatopa ndi kufotokoza kuti "kamzere kapakati, osati kapansi", kapena kuti 2 ndi nambala osati mawu.

Koma musatenge maganizo anga okha. Sankhani mayina awiri kapena atatu, muimbire foni anthu asanu omwe sanaliwonepo litalembedwa. Pakhale wina wogwira ntchito mu sitolo, wina wachikulire, wina woti si wa kuno. Tchulani adiresi yonse kamodzi kokha, monga mmene mungatchulire muli pa msika wa Bvumbwe magalimoto akulira, ndipo musatchule chilembo chimodzichimodzi. Auzeni akutumizireni pa meseji zomwe amva. Mudzadabwa. Pa `uchiwathyolo` ndikuyembekeza kuti mmodzi kapena awiri adzabweza `uchiwakuthyolo`, chifukwa pakamwa pa Mchewa uchi umakhala wa ku Thyolo, ndipo ku ameneyo amadzilowetsa yekha. Ngati awiri mwa asanu aphonya malo amodzimodzi, vuto si makutu awo, dzinalo lisiyeni. Likadutsa mayesowa, kaliwoneni ngati lilibe mwini pa tsamba la kampani yogulitsa madomeni, ndipo mukapeza lili pa mpata gulani tsiku lomwelo.

Za mchira wake sindichedwapo. `.mw` ndi wa Malawi ndipo umawonetsa kuti ndinu a konkuno. `.com` ndi womwe zala za anthu zimalemba zokha zisanaganize. Uliwonse mwa iwiriyi ungagwire ntchito kwa wogulitsa uchi ku Limbe ndi ku Blantyre. Michira yachilendo yomwe amaitsatsa pa mtengo wa tomato chaka choyamba ndiyo muipewe. Pofunsa mtengo, funsani wa chaka chachiwiri, chifukwa ndi umene mudzakhale nawo zaka zonse.

Kutsogolo kwa chizindikiro cha `@` ikani mawu a ntchito, osati dzina la munthu. Mwana wanuyo mawa akapeza ntchito ku Lilongwe, kapena mukalemba mtsikana wothandiza kenako n'kusiya, adiresi ya pa malebulo 2,000 isapite nawo. `oda@` ikumveka yakwathu, koma kalaliki adzalemba `order@`. `info@` ndi yotopetsa, inde, komano palibe amene amaiphonya. Ndiye pa botolo pangakhale chonchi:

```
info@uchithyolo.com
```

Makampani ambiri a imelo amalola kuwonjezera mayina ena ogwera m'bokosi lomwelo, choncho `oda@` ndi `order@` mukhoza kuzitsegula zonse ngati ukonde wogwira ophonya, koma yolengeza ikhale imodzi. Dziwaninso kuti kugula domeni si kugula imelo. Nthawi zambiri ndi mabilu awiri, wa dzina ndi wa bokosi la makalata, ndipo masiku ake othera akhoza kusiyana. Lembani onse.

Tsopano nkhani ya akaunti, yomwe kwa ine ndiyo yaikulu. Domeni sigulidwa ngati njinga yoti mwalipira kamodzi yakhala yanu. Ili ngati benchi la pa msika: mumalipira chaka ndi chaka, ndipo mwini wake ndi amene dzina lake lalembedwa m'kaundula, osati amene anatulutsa ndalama. Pa fomu yogulira pali malo olembedwa `Registrant`. Pamenepo pakhale dzina lanu kapena la bizinesi yanu, nambala yanu ya foni ndi imelo yanu. Akaunti ya ku kampani yogulitsayo itsegulidwe ndi imelo yanu, pasiwedi muisunge inu. Mwanayo akhale pambali panu, azikuwonetsani podina, koma foni ikhale m'manja mwanu. Sindikumuganizira zoipa ayi. Achibale sathawa ndi domeni, amangoiwala, kutaya foni, kusintha nambala, kapena kupita ku Joni.

Ine zinandichitikira. Zaka zapitazo mnyamata wina anandikonzera domeni ndi imelo, ndinamulipira, ndipo zinayenda bwino kwa chaka chathunthu. Mmawa wina mnzanga anandiimbira kuti makalata ake onse akubwerera. Tinafufuza n'kupeza kuti domeniyo inatha masiku, ndipo zikumbutso zonse zinkapita ku imelo ya mnyamatayo, yomwe anali atasiya kutsegula. Kampani yogulitsa inakana kulankhula nane, ndipo sindikanaidandaula, poti m'mabuku awo ine munalibemo. Pamene ndinkamupeza mnyamatayo n'kuti nthawi yolipira mtengo wamba itadutsa, ndipo ndinalipira chindapusa choposa mtengo wa zaka zingapo. Makadi anga a bizinesi anali kale m'matumba a anthu, ndikanatani?

Kwa `.com` ndondomeko yake imayenda motere. Makampani ogulitsa amayenera kutumiza chikumbutso patatsala pafupifupi mwezi, china patatsala pafupifupi sabata. Tsiku likadutsa osalipira, imelo ndi webusaiti zimatha kuzima m'masiku ochepa, ngakhale kuti ambiri amakupatsanibe kanthawi kolipira mtengo wamba. Kanthawi kameneka kamasiyana kampani ndi kampani, ndiye musakadalire. Kakatha, dzinalo limalowa m'masiku 30 owombola, pomwe mumalipira chindapusa chija. Kenako pamabwera masiku 5 omwe simungachite kanthu, ndipo likatuluka pamenepo aliyense padziko lapansi akhoza kuligula. Wogulayo angathenso kutsegula `info@` yakeyake n'kumalandira makalata omwe ogula anu akutumiza potsata lebulo lanu. `.mw` ili ndi malamulo akeake, muwafunse musanalipire.

Apa ndiye Gmail yanu ija ikupeza ntchito yatsopano, musaitaye. Ikhale imelo yolembetsera domeniyo. Anthu ambiri akangopeza adiresi yatsopano amakondwa n'kukaiikanso ku akaunti ya domeni, osadziwa kuti atsekera kiyi m'nyumba. Domeni ikazima, imelo ya pa domeniyo imazima nayo, ndipo uthenga wosinthira pasiwedi umapita ku bokosi lomwe simungalitsegule. Imelo yosungira dzina ikhale ya kunja kwa dzinalo, ndipo muziitsegula.

Pa akauntipo mudzawona batani la `Auto-renew`, loti kampani izidzidulira yokha ndalama pa khadi la ku banki. Liyatseni, koma musagone nalo tulo. Khadi limatha masiku, mu akaunti mumatha kukhala mopanda kanthu tsiku limenelo, ndipo malipiro a kunja m'madola amakanika nthawi zina malinga ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno kwathu. Mtengo wake m'makwacha nawonso sukhazikika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene ankalipira m'madola anaona bilu yomweyo itafufuma usiku umodzi. Domeni ya `.com` imalipirika mpaka zaka khumi pasadakhale. Sindikunena kuti mulipire zonsezo, koma mukakolola uchi ndalama zili m'manja, lipirani zaka ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Ngati mukugula kudzera kwa wothandiza wa konkuno wolandira makwacha, palibe cholakwika, kungoti funso likhale lomwelo: pa `Registrant` palembedwa ndani, ndipo tsiku lomwe ndidzafune kuchoka mudzandipatsa `Auth code`? Imeneyi ndi nambala yachinsinsi yosamutsira domeni kupita ku kampani ina. Amene akuzengereza kuyankha funso limeneli musamupatse ndalama zanu.

Zonse zikatheka, tengani kope lomwe mumalembamo ngongole za uchi, pa tsamba lomaliza mulembe dzina la domeni, kampani yomwe mwagulako, imelo yolembetsera ndi masiku othera a mabilu awiri aja. Mu foni ikani alamu ya mwezi umodzi tsikulo lisanafike. Kenako pemphani kalaliki wa sitolo ya ku Limbe ija akutumizireni kalata yoyesa pa adiresi yatsopanoyo, inu mumuyankhe, ndipo mumufunse ngati yankho lanu lafika poyera kapena lagwera mu `Spam`. Likafika bwino, pitani kwa osindikiza, ndipo asanayatse makina akupatseni lebulo limodzi loyesa muwerenge adiresiyo chilembo ndi chilembo, chala chili pa pepala.