Ma satifiketi atumizidwa koma kuofesi akuti sanalandire

"Bwana zikomo. Ndinaaplaya ntchito pa imelo, ndinajambula ma satifiketi anga ndi foni, zithunzi 7, chilichonse 3 MB. Gmail inatumiza bwinobwino koma kuofesiko akuti sanalandire. Ndinaziika mu ZIP saizi siinatsike, mnyamata wa pa kafe anandipangira RAR, pano akuti siikutseguka. Ndalakwitsa pati? Ndine mlongo wanu wa ku Chinamwali."

Achemwali pepani, tiyeni tiyambe ndi masamu kaye chifukwa nkhani yagona pamenepo. Zithunzi 7 za 3 MB ndi 21 MB, Gmail imalola mpaka 25 MB, nchifukwa chake kwa inu zinaoneka ngati zapita ndipo mu Sent zilimo ndithu. Koma imelo poyenda siinyamula chithunzi mmene chilili, imayamba yachisandutsa zilembo, njira yake amaitcha Base64, ndipo pa ma baiti atatu aliwonse pamatuluka zilembo zinayi. Ndiye katundu amafufuma ngati mandasi mu mafuta, 21 MB yanu ija pofika pa geti la eni ake inali cha m'ma 28 MB. Tsono Gmail ikalola sikuti kumene ikupitako alolanso, ofesi iliyonse seva yake ili ndi malire ake, ena amaika 20 MB ena 10 MB basi, zikapitirira apo imelo imabwezedwa munthu wa kuofesiyo osaiona nkomwe. Sakukunamizani ayi.

Tayang'anani mu inibokosi ngakhalenso mu Spam, mwina mupeza uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem, ambirife timangoudilita poganiza kuti ndi zachabechabe. Mukaonamo nambala ngati iyi dziwani kuti vuto ndi kukula:

```
552 5.3.4
```

Za ZIP zija musadabwe. ZIP imachepetsa fayilo pofinya zinthu zobwerezabwereza mkatimo, pamene chithunzi cha JPG foni inachifinya kale pojambula pomwe, zili ngati kufinya chikhusu cha nzimbe choti wina watafuna kale, madzi atuluka kuti? Mupeza 21 MB yatsika pang'ono chabe. RAR ndiye inangoonjezera mavuto, makompyuta ambiri a m'maofesi, makamaka a Windows yakale, satsegula RAR popanda WinRAR kapena 7-Zip, ndipo munthu amene ali ndi mulu wa ma aplikeshoni sangayambe kusaka pologalamu chifukwa cha inu, amangopita kwa wotsatira. Komanso maseva ena amakayikira mafayilo omangidwa chonchi poti mavairasi amakonda kubisala momwemo, Gmail yeniyeniyo imakana `.exe` ndi `.js` olo mutazibisa mu ZIP.

Chofunika ndi kuchepetsa pa chiyambi penipeni. Pepala silifuna mphamvu yonse ya kamera, bola dzina, magiredi ndi chidindo zikuwerengeka. Mu apu ya Google Drive pa Android muli Scan, mumajambula tsamba loyamba, kuonjezera lachiwiri mpaka onse 7, kenako imatuluka PDF imodzi. Ngati mukupitanso pa kafe mtauni muno muwauze asikane pa 150 kapena 200 dpi, kutanthauza madontho pa inchi iliyonse, chifukwa ena makina awo amangokhala pa 600 dpi yakala ngati akusikana chithunzi cha ukwati. Dpi ikakwera kawiri madontho amachuluka kanayi, ndiye 600 ili ndi madontho ochuluka ka 16 kuposa 150, pepala lomwelo. Ine ndikasikana masamba 7 pa 150 dpi nthawi zambiri sizidutsa 2 MB kapena 3 MB, ngakhale bandulo siimva kuwawa. Kungoti satifiketi ya MSCE muisiye yakala kuti chidindo chioneke, kalata yofunsira ntchito yokhayo ikhoza kukhala yopanda kala.

Chinthu china, ndinachiona ndi maso pa kafe ina kuno, mnyamata atamva kuti akufuna PDF anangosintha dzina la fayilo, kufufuta `.jpg` nkulemba `.pdf`. Dzina lasintha koma mkati ikadali JPG, ndiye kompyuta imaitsegula ndi pologalamu ya PDF nkunena kuti fayilo ndiyowonongeka. Kusintha kwenikweni pa Windows ndi kutsegula chithunzicho, kudina Print nkusankha Microsoft Print to PDF.

Linki ya Drive ija Gmail imakupangirani mukadutsa 25 MB ine sindiikonda pa nkhani ya ntchito, mukaiwala kupereka chilolezo wolandirayo amangoona Request access basi.

Musanatumize, dzitumizireni nokha kaye kapena kwa mnzanu, mutsegule pa foni ina, mukulitse muone ngati magiredi akuwerengeka. Fayilo muipatse dzina lanu, osati IMG ndi manambala ake aja. Ngati tsiku lotsekera silinadutse tumizaninso lero, mulembepo mzere umodzi kuti yoyamba ija inabwerera chifukwa cha kukula.